KALATA YOPEMPHA BANKI KUTI ISINTHE MABWEZEDWE A NGONGOLE

Alimi ambiri amene amatenga ngongole ku banki amagwirizana kuti adzabweza yonse pakamodzi akagulitsa mbeu zawo. Chaka chikakhala chabwino palibe vuto. Koma mvula ikadula pakati pa nyengo, tsiku lobweza limafika ndalama zisanakwane, ndipo mlimi amayenera kulemba kalata yopempha mkulu wa banki kuti pangano lija likonzedwenso. Makalata ambiri otere amakanidwa, osati chifukwa chakuti mlimi ananama, koma chifukwa kalatayo inangofotokoza mavuto osanena m'mene ndalama zidzabwerere. M'phunziro lino tiona kalata imodzi yolembedwa kaŵiri: poyamba monga m'mene ambiri amalembera, kenaka monga m'mene iyenera kulembedwera.

AMENE MUKUMULEMBERA

Musanagwire cholembera, dziŵani ntchito ya munthu amene adzaŵerenge kalata yanu. Ndalama zimene banki inakubwerekani si za mkulu wa banki, ndi za anthu amene amasunga ndalama zawo kumeneko. Kaŵirikaŵiri mkulu wa nthambi sangasinthe pangano la ngongole payekha. Iye amalemba lipoti ndi kulitumiza kwa akuluakulu oona za ngongole ku likulu, anthu amene sanakuoneni ndipo munda wanu sakuudziŵa. Zimene adzalembe m'lipotilo adzazitenga m'kalata yanu. Ngati m'kalatamo muli madandaulo okhaokha, iye alibe choti alembe, ngakhale atakumverani chisoni chotani.

Dziŵaninso kuti ngongole yosabwezedwa imavutitsa banki yomwe. Ngongole ikapitirira masiku 90 chidutsire tsiku lake, mabanki amaiŵerenga ngati yokayikitsa, ndipo amakakamizidwa kupatula ndalama zina zoti zitseke dzenjelo. Kulanda chikole nakonso kumadya nthaŵi ndi ndalama, ndipo katundu wolandidwa amagulitsidwa motchipa. Motero mkulu wa banki amafuna kuti mumupatse njira yabwino kuposa kulanda. Kalata yanu iyankhe mafunso anayi amene iye ali nawo: Chinachitika n'chiyani? Mungapereke zingati tsopano? Zotsalazo mudzapereka liti, ndipo zidzachokera kuti? Nanga zinthu zikavutanso, banki idzagwira chiyani?

MLIMI WA CHITSANZO CHATHU

Tiyerekeze mlimi wa m'chigawo chapakati amene amalima soya pa mahekitala 2, chimanga chodya pakhomo, ndi dimba la chimanga chachiŵisi. Mitengo ndi chiongola dzanja zimene zili pano taziika zosavuta kuŵerengera. Inu mudzaike zanu zenizeni.

Pa 1 Novembala 2023 iye anatenga ngongole ya K2,000,000 yogulira mbeu, feteleza ndi pampu yothirira, ndiponso yolipirira aganyu. Chikole chinali pampuyo ndi ngolo. Chiongola dzanja chinali K3 pa K100 iliyonse pa mwezi, kutanthauza K60,000 mwezi uliwonse. Pa miyezi 8 chiongola dzanja chikukwana K480,000, choncho pa 30 Juni 2024 anayenera kubweza K2,480,000.

Zaka ziŵiri zam'mbuyo anakolola matumba 56 ndi 60 a soya, a makilogalamu 50 lililonse. Pa mtengo wa K50,000 thumba limodzi, matumba 50 okha akanakwanira kubweza ngongole yonse. Koma mu Febuluwale 2024 kunachita ng'amba soya ali pa maluŵa. Maluŵa ambiri anayoyoka, ndipo nyemba zimene zinagwira sizinakhwime bwino. Anakolola matumba 28.

KALATA YOYAMBA

Nayi kalata imene mlimi wotere amalemba nthaŵi zambiri:

"Wokondedwa Bwana,

Ndalemba kalatayi ndi chisoni chachikulu kukudziŵitsani mavuto amene ndakumana nawo. Monga mukudziŵa chaka chino mvula sinagwe bwino ndipo tonse kuno talira. Ine sindinapate kanthu. Kuonjezera apo mayi a kunyumba anadwala ndipo ana akufuna fizi. Mitengo ya zinthu nayo yakwera ndipo chiongola dzanja chanu n'chachikulu kwambiri kwa ife osauka. Choncho ndikupempha kuti mundiganizireko, mundionjezere nthaŵi pang'ono kapena mundichotsereko zina. Ndikulonjeza kuti zinthu zikayenda bwino ndidzabweza zonse. Ndine munthu wokhulupirika, mukhoza kufunsa aliyense.

Ine wanu wovutika."

Zonse zimene zili m'kalatayi zikhoza kukhala zoona, koma taonani m'mene mkulu wa banki angaiŵerengere.

Choyamba, mulibe nambala ya akaunti, kuchuluka kwa ngongole, kapena tsiku lobweza. Kalata yotere imayamba yakhala pa tebulo kudikira wina woti afufuze kuti mwini wake ndani.

Chachiŵiri, mau akuti "sindinapate kanthu" ndi oopsa. Mlimi wathu ali ndi matumba 28 m'nyumba. Wa ku banki akabwera n'kuwapeza, adzaganiza kuti mlimiyo amafuna kugulitsa mobisa, ndipo sadzakhulupiriranso china chilichonse cholembedwa m'kalatamo. Ndipo akapanda kubwera, adzaganiza kuti palibe chopulumutsa, n'kwabwino kulanda pampu isanaonongeke.

Chachitatu, kalatayi yaunjika zifukwa zinayi: mvula, matenda, fizi ndi mitengo. Mlimi amayesa kuti zifukwa zikachuluka pempho limakula mphamvu. Kwa wobwereketsa ndalama zili mosiyana. Ng'amba ndi vuto la chaka chimodzi, koma fizi ndi kukwera kwa mitengo zidzakhalapo chaka chamaŵa ndi chinacho. Amene watchula zimenezi wadzichitira yekha umboni wakuti sadzatha kubweza.

Chachinayi, "nthaŵi pang'ono" ndi "zinthu zikayenda bwino" si masiku a pa kalendala. Palibe amene angasaine pangano lopanda tsiku. Ndipo kupempha zinthu ziŵiri nthaŵi imodzi, kuonjezera nthaŵi kapena kuchotsa zina, kumaonetsa kuti wolembayo sanaŵerengere. Kudandaula za chiongola dzanja chimene munasainira nokha sikuthandiza pa kalata yopempha.

ŴERENGERANI MUSANALEMBE

Kalata yabwino imayambira pa pepala lina la masamu. Pitani ku banki mukatenge sitetimenti kuti mudziŵe ndalama zenizeni zimene mukuyenera kubweza pa tsikulo. Kenaka lembani ndalama zimene zidzaloŵe pakhomo panu m'miyezi 12 ikubwerayi, mwezi ndi mwezi. Lembani zokhazo zimene muli nazo umboni. Fodya wako ndi amene ali pamphuno: ndalama zimene mwana wa ku tauni analonjeza kutumiza musaziŵerengere.

Mlimi wathu ali ndi nthaŵi zitatu zopezera ndalama.

Yoyamba ndi tsopano. Pa matumba 28 apatula 3 a mbeu, agulitsa 25, apeza K1,250,000. Akapereka zonsezi ku banki adzasoŵa chogulira feteleza ndi petulo wa ku dimba, ndipo dimbalo ndilo lidzabweze gawo lachiŵiri. Choncho asunga K250,000, apereka K1,000,000. Pa ndalama zimenezi K480,000 ithetsa chiongola dzanja chonse, ndipo K520,000 ichepetsa ngongole yeniyeni, kutsala K1,480,000.

Yachiŵiri ndi Okutobala, pamene chimanga cha ku dimba chimakhala chitakhwima. Chaka chatha anagulitsa cha K900,000. Popeza chaka cha chilala madzi amachepa msanga, iye aŵerengera K800,000 yokha. Chiongola dzanja cha K1,480,000 ndi K44,400 pa mwezi, ndipo pa miyezi 4 chikwana K177,600. Akaonjezerapo K480,000 ya ngongole yeniyeni, adzapereka K657,600, kutsala K1,000,000.

Yachitatu ndi kukolola kwa chaka chamaŵa. Chiongola dzanja cha K1,000,000 ndi K30,000 pa mwezi, pa miyezi 8 ndi K240,000. Adzamaliza ndi K1,240,000 pa 30 Juni 2025.

Tsopano yesani ndondomeko yanu ndi funso ili: kodi chaka chamaŵa chikadzaipa ngati chino, gawo lomaliza lidzakwanabe? K1,240,000 ndi matumba 25 a soya, omwewo amene mlimi wathu akugulitsa chaka cha ng'amba. Ndondomeko yake siikudalira mvula yabwino. Mfundo imeneyi ndiyo yamphamvu kuposa zonse, ndipo iyenera kulembedwa m'kalata poyera.

KALATA YACHIŴIRI

Pamwamba mlimi alemba dzina lake, mudzi, mfumu yaikulu, boma ndi nambala ya foni. Tsiku ndi 15 Meyi 2024, kutatsala masabata 6 kuti tsiku lobweza lifike.

"Kwa Mkulu wa Banki,

Wokondedwa Bwana,

PEMPHO LOSINTHA MABWEZEDWE A NGONGOLE YA ULIMI, AKAUNTI NAMBALA ………

Pa 1 Novembala 2023 ndinatenga ngongole ya K2,000,000, ndipo ndikuyenera kubweza K2,480,000 pa 30 Juni 2024. Sinditha kubweza yonse pa tsikulo. Ndikupempha kuti ndipereke K1,000,000 pa 30 Juni, ndipo yotsalayo ndibweze m'magawo aŵiri, kumaliza pa 30 Juni 2025. Sindikupempha kuti muchotseko ndalama iliyonse.

Chifukwa chake ndi ichi. Ndinabzala soya pa mahekitala 2 mu Disembala. Mu Febuluwale mvula inadula soya ali pa maluŵa, ndipo ndakolola matumba 28. Pa munda womwewo ndinakolola matumba 56 mu 2022 ndi matumba 60 mu 2023. Malisiti a zaka ziŵirizo ndaika pamodzi ndi kalatayi, ndiponso kalata ya alangizi a dera lathu amene anayendera mundawo mu Malichi. Ndalama za ngongole ndinagwiritsa ntchito monga tinapanganira, ndipo pampu ilipo, ikugwira ntchito.

Ndikupempha kubweza motere:

Pa 30 Juni 2024, K1,000,000, yochokera pa matumba 25 a soya. Yotsala: K1,480,000.

Pa 31 Okutobala 2024, K657,600, yochokera pa chimanga chachiŵisi cha ku dimba. Yotsala: K1,000,000.

Pa 30 Juni 2025, K1,240,000, yochokera pa soya wa chaka chamaŵa. Yotsala: palibe.

Chiongola dzanja ndaŵerengera pa mlingo wa pangano lathu, K3 pa K100 pa mwezi. Ngati masamu anu akusiyana ndi anga, ndidziŵitseni.

Pa ndalama za soya ndisungako K250,000 yogulira mbeu, feteleza ndi petulo wa ku dimba. Dimbalo linandipatsa K900,000 chaka chatha, koma chaka chino ndaŵerengera K800,000 yokha poopa kuchepa kwa madzi. Za ulimi wa dzinja likudzali sindidzapempha ngongole ina: mbeu ya soya ndasunga matumba 3, ndipo ndidzagulitsa mbuzi 4 mwa 9 zimene ndili nazo kuti ndilipire aganyu. Gawo lomaliza likufuna matumba 25 okha, ofanana ndi amene ndikugulitsa chaka chino cha ng'amba.

Chikole cha pampu ndi ngolo chikhalebe m'manja mwanu mpaka nditamaliza. Ndikuvomeranso kuti ndalama za soya, chaka chino ndi chamaŵa, wogula azilipira kudzera mu akaunti yanga ya kwa inu, kuti muzidula gawo lanu zisanafike kwa ine. Ngongole ina ndilibe, kupatula K40,000 ya ku banki m'khonde imene ndimaliza mu Julayi.

Ndikupempha kuti mutumize munthu adzaone soya, pampu ndi dimba tsiku lililonse limene mungasankhe. Ndidzabwera ku ofesi yanu pa 29 Meyi kudzamva maganizo anu, kuti ngati n'kotheka tisaine pangano latsopano tsiku la 30 Juni lisanafike.

Ine wanu,
………"

CHIMENE CHASINTHA

Mlimi ndi yemweyo, munda womwewo, ng'amba yomweyo. Chasintha ndi chakuti kalata yachiŵiri ikhoza kutengedwa monga ilili n'kuikidwa m'lipoti lopita ku likulu.

Onani ndime yoyamba. Isanafotokoze vuto lililonse yanena kale ngongole, tsiku, pempho, ndi ndalama zimene zili m'manja. Munthu wotanganidwa akaŵerenga ndime imeneyi yokha wadziŵa nkhani yonse. Mau akuti "sinditha kubweza yonse pa tsikulo" ndi oŵaŵa kulemba, koma amasonyeza munthu amene sakubisala. Ndipo mau akuti "sindikupempha kuti muchotseko" amachotsa mantha aakulu a woŵerenga, chifukwa kukhululuka ngongole ndi chinthu chimene mkulu wa nthambi sangavomere payekha.

Onani chifukwa chimene chaperekedwa. Ndi chimodzi, chili ndi mwezi wake, ndipo chikutsimikizidwa ndi munthu wina amene si mbale wa mlimi. Mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino agwa m'ngozi chifukwa cha chilala, choncho za ng'amba mkulu wa banki ankazidziŵa kale. Chimene sankadziŵa ndi m'mene ng'ambayo inakhudzira munda wa munthu uyu. Malisiti a matumba 56 ndi 60 akugwira ntchito yaikulu pamenepa: akuonetsa kuti mlimiyu amadziŵa kulima soya, ndipo matumba 28 ndi tsoka la chaka chimodzi, osati ulesi. N'chifukwa chake timakuuzani kuti muzisunga malisiti a pa msika. Mlimi amene amagulitsa kwa mavenda a sikelo ya pamseu popanda pepala alibe choonetsa pa tsiku ngati ili.

Onani masiku obwezera. Aliyense wamangiriridwa ku mbeu imene imagulitsidwa mwezi umenewo. Alimi ena pofuna kukondweretsa banki amalonjeza kupereka mwezi uliwonse ngati anthu a pa ntchito ya malipiro. Akafika Januwale ndi Febuluwale, miyezi imene pakhomo sipaloŵa ndalama, amalephera. Kulephera pangano lachiŵiri n'koipa kuposa kulephera loyamba, pakuti banki siikonda kukonzanso ngongole imodzi kaŵiri. Lonjezani zochepa zimene mudzakwanitse, pa mwezi umene mudzakhale nazo.

Onaninso kuti mlimi waulula K250,000 imene akusunga, ndi ngongole ya ku banki m'khonde. Mkulu wa banki amadziŵa kuchulukitsa 25 ndi K50,000, ndipo akaona kuti K250,000 yasoŵa popanda kufotokoza adzafunsa. Ikafotokozedwa, ndalama yomweyo isanduka umboni wakuti dimba lidzalimidwadi. Za ngongole zina musabise. Chiyambire lamulo la 2010 lokhazikitsa mabungwe osunga mbiri ya obwereka ndalama, mabanki amatha kuona ngongole zimene munthu ali nazo ku mabanki ena ndi ku mabungwe obwereketsa. Ngongole imene mwaitchula nokha ndi yaing'ono. Imene aipeza okha imagwetsa pempho lonse.

Pomaliza, kalatayo yayankha funso limene ambiri amaliiŵala: mudzalima ndi chiyani chaka chamaŵa? Gawo lomaliza likudalira soya amene sanabzalidwe. Ngati kalata siinena kumene mbeu ndi ndalama za aganyu zidzachokere, woŵerenga adzaganiza kuti mu Novembala mudzabweranso kudzapempha ngongole ina pamwamba pa yakale.

Nanga za matenda a mayi a kunyumba? Ngati ndalama zina za ngongole zinapitadi ku chipatala, nenani zoona m'chiganizo chimodzi, ndi kuchuluka kwake. Ngati sizinakhudze ngongoleyo, zisiyeni.

NTHAŴI SI YAULERE

Walira mvula walira matope. Phatikizani magawo atatu aja: K1,000,000, K657,600 ndi K1,240,000 zikukwana K2,897,600. Pangano loyamba linali la K2,480,000. Chaka chimodzi choonjezeracho chamudyera mlimi K417,600, ndalama zoposa matumba 8 a soya. Iye wavomera mtengo umenewu chifukwa pampu ndi ngolo zikalandidwa dimba latha, ndipo dzina lake likalembedwa pakati pa olephera kubweza zidzamuvuta kupeza ngongole kwina.

Apa mukuonanso chifukwa chake gawo loyamba liyenera kukula monga mungathere. K100,000 iliyonse imene mwaisiya pa ngongole kwa miyezi 12 imabala K36,000 pa mlingo wa chitsanzo chathu. Musapemphe zaka zitatu pamene chaka chimodzi chikukwanira.

Pali nthaŵi zina pamene kalata yotere siingathandize. Mukaŵerengera n'kupeza kuti ngakhale chaka cha mvula yabwino zokolola zanu sizingakwanitse chiongola dzanja ndi gawo la ngongole yeniyeni, kuonjezera nthaŵi kungokulitsa dzenje. Zikatero n'kwabwino kukambirana ndi banki kuti mugulitse nokha katundu wina pa mtengo wabwino ndi kutseka ngongoleyo. Ndipo musatenge katapila kuti mubweze banki. Chiongola dzanja cha katapila pa mwezi umodzi chimaposa cha banki kutalitali.

KUPEREKA KALATA

Lembani msanga, mukangodziŵa kuchuluka kwa matumba anu. Pempho lofika tsiku lobweza lisanakwane limachokera kwa munthu amene sanaphwanye pangano. Lofika pambuyo pa makalata ochenjeza limapeza chindapusa chitayamba kale kuŵerengedwa, mwinanso nkhani itapita kwa maloya.

Kalata isapitirire masamba aŵiri. Ngati wina akulemberani m'Chingerezi, muuzeni asaonjezere mau okometsera, ndipo akuŵerengereni manambala onse musanasaine. Pamodzi ndi kalatayo ikani mafotokope a sitetimenti, malisiti ogulitsira mbeu, malisiti a zimene munagula ndi ngongoleyo, ndi kalata ya alangizi. Mapepala enieni sungani kunyumba. Pitani nayo nokha, ndipo pemphani kuti adinde chidindo ndi tsiku pa kope yanu. Ngati pali munthu amene anakusainirani ngati mboni yolonjeza kubweza inu mukalephera, muuzeni musanapite, chifukwa pangano latsopano lidzafunanso dzanja lake.

Pamene mukudikira yankho, pangano lakale likadali ndi mphamvu. Tsiku la gawo loyamba likafika yankho lisanabwere, kaperekeni ndalama zimene munalonjeza ndipo sungani lisiti. Palibe mau a m'kalata amene amakopa banki kuposa ndalama yofika pa tsiku limene munanena.

BANKI IKAYANKHA

Kaŵirikaŵiri banki siivomera zonse monga munalembera. Ikhoza kufuna gawo loyamba lalikulupo, chikole choonjezera, kapena nthaŵi yofupikirapo. Musayankhe pomwepo chifukwa cha manyazi. Bwererani ku pepala lanu la masamu. Mwachitsanzo, akauza mlimi wathu kuti apereke K1,250,000 yonse mu Juni, ayenera kuwaonetsa kuti popanda K250,000 ija dimba silidzalimidwa, ndipo K657,600 ya mu Okutobala siidzapezeka. Akafuna chikole china, aganize bwino asanatchule ng'ombe zokoka ngolo kapena nyumba imene banja likugonamo.

Mukagwirizana, zonse zilembedwe. Mau apakamwa a mkulu wa banki sasintha pangano, ndipo iye akhoza kusamutsidwa maŵa. Musanasaine funsani zinthu izi:

1. Kodi chiongola dzanja ndi chomwe chija, ndipo n'chokhazikika kapena chimasintha? Ngongole zambiri zimatsata mlingo umene umakwera ndi kutsika malinga ndi m'mene Banki Yaikulu ya dziko yasinthira wake.

2. Kodi chiongola dzanja chosalipidwa achiphatikiza ku ngongole yeniyeni? Akatero nachonso chimayamba kubala. Mlimi wathu wapeŵa zimenezi pothetsa K480,000 yonse pa gawo loyamba.

3. Kodi pali ndalama yolipira pokonzanso pangano, kapena chindapusa chimene chaŵerengedwa kale? Ngati chilipo, pemphani kuti chindapusacho achichotse. Pempho laling'ono lotere limamveka kuposa lochotsa ngongole yeniyeni.

4. Kodi mukapeza ndalama msanga n'kubweza tsiku lisanafike, chiongola dzanja chidzachepa?

5. Kodi mukachedwa ndi gawo limodzi chidzachitike n'chiyani? Mapangano ambiri amanena kuti ngongole yonse yotsala imafunika nthaŵi yomweyo.

Pemphani pepala loonetsa masiku ndi ndalama za gawo lililonse, mulifanizire ndi masamu anu, ndipo mulisunge pamodzi ndi malisiti. Mukaona kuti madzi a ku dimba akuphwa msanga kapena mtengo wa mbeu watsika, kauzeni a ku banki mwezi wathunthu tsiku la gawolo lisanafike, mutatenga manambala atsopano m'manja. Amene akufuna thandizo poyeza munda, poŵerengera zokolola kapena polemba kalata ya umboni aonane ndi alangizi a m'dera lawo mbeu zisanachoke m'munda, pakuti mlangizi sangachitire umboni munda umene sanauone.